Kalata ya msonkho yabwera ndi ndalama zomwe sindikuzidziwa: ndilembe chiyani?

"Achimwene, ndili ndi kakampani kogulitsa mapepala, makope ndi inki kuno ku Zomba. Chaka chatha ndinagulitsa katundu wa K48,000,000, phindu linali K6,000,000, ndipo msonkho wake wa K1,800,000 ndinamaliza kulipira. Tsopano a msonkho andilembera kuti phindu langa linali K11,000,000, msonkho ndi K3,300,000, ine ndinalipira K900,000 yokha, choncho ndili ndi ngongole ya K2,400,000. Ndikufuna kuwalembera kuti andifotokozere. Ndiyambire pati?"

Mayi, musanagwire cholembera, yang'anani deti limene lili pa kalatayo, ndipo mulembe penapake tsiku limene inakufikani. Lamulo loyendetsera misonkho la mu 2021 limapereka masiku 30 oti munthu akane mwalamulo chigamulo cha MRA. Kalata yongopempha kuti akufotokozereni siimitsa masiku amenewa. Ndaonapo anthu atalemba kalata yaulemu kwambiri, nakhala pansi kudikira yankho, yankholo n'kubwera patapita milungu isanu ndi umodzi, khomo lokanira litatsekeka kale. Zimandiwawa, chifukwa ambiri mwa iwo anali ndi mfundo zomveka. Ndiye kalata yofunsa ipite sabata ino, ndipo ngati pofika tsiku la 20 simunayankhidwe mokukhutiritsani, mukapereke kalata yachiwiri yokana, yolembera Komishonala Wamkulu, osadikiranso.

Tsopano tiyeni ku ndalamazo, poti kalata yabwino imachokera pa masamu amene mwachita nokha kunyumba. Ndikuwerenga zonse popanda VAT.

K2,400,000 ija si chinthu chimodzi. Ili pawiri. Phindu limene iwo alemba likuposa lanu ndi K5,000,000, ndipo msonkho wa kampani ndi K30 pa K100 iliyonse ya phindu, kotero pamenepo pakutuluka K1,500,000. Yotsalayo ndi K900,000, ndipo iyi ikuchokera kwina: inu mukuti munalipira K1,800,000, iwo akuona theka lake lokha. Mukalemba kuti "ndalama mwandilemberazi ndi zolakwika", wowerenga kalata yanu alibe pogwira. Koma mukawafunsa za K5,000,000 payokha, ndi za K900,000 payokha, mwawapatsa ntchito yoti angathe kuigwira pa kompyuta yawo tsiku lomwelo.

Tiyambe ndi K900,000, chifukwa ndi yosavuta. Nditakulemberaninso kufunsa mmene munalipirira, munati K600,000 munapereka pang'onopang'ono m'kati mwa chaka ngati msonkho wolipiriratu, K300,000 munapereka potseka chaka, ndipo ina yonse anakudulani ndi masukulu ndi mabungwe amene munawagulitsa katundu wa K30,000,000. Masamu ake akugwirizana ndendende. Wogula wotere akamakulipirani amadula K3 pa K100 iliyonse ya katundu, msonkho umene pa mafomu umalembedwa kuti Withholding Tax, ndipo K3 pa K100 ya K30,000,000 ndi K900,000. Ndalama imeneyi ndi yanu, yolipiriratu m'dzina lanu, ndipo imayenera kuchotsedwa pa msonkho wa pachaka. Zimene munapereka ndi dzanja lanu zaoneka; zimene anakudulani ena ndi zomwe zasowa.

Zimasowa bwanji? Nthawi zina wogulayo anadula koma sanapititse ndalamayo ku MRA. Nthawi zina anapititsa koma analakwitsa polemba TPIN, nambala imene MRA imapatsa wokhoma msonkho aliyense. Ichi chachiwirichi chimagwera kwambiri anthu amene anayamba bizinesi m'dzina lawo kenako n'kulembetsa kampani: munthu amakhala ndi TPIN yakale ya iye mwini ndi yatsopano ya kampani, ndipo akalaliki a zachuma kusukulu kuja amangopitiriza ndi nambala yomwe ili m'buku lawo kuyambira kale. Ndalama imakalowa ndithu, koma m'thumba lina. Mmene mungadziwire ndi motere: tengani satifiketi iliyonse imene wogula anakupatsani podula msonkhowo, muone TPIN yolembedwapo, kenako mulowe pa Msonkho Online, tsamba la MRA la pa intaneti, muone ngati ndalamayo ikuoneka pa akaunti ya kampani. Ngati pali wogula amene sanakupatseni satifiketi, pitani mukaitenge mawa lomwe. Popanda pepala limenelo, mawu anu oti "anandidula" salemera kanthu, ngakhale sitetimenti ya ku banki ikusonyeza kuti munalandira K29,100,000 m'malo mwa K30,000,000.

K5,000,000 ndiyo ikufuna kudekha. Phindu limakwera pa kalata ya msonkho m'njira ziwiri: mwina awonjezera pa zimene munagulitsa, kapena akana zina mwa zimene munati munawononga poyendetsa bizinesi, monga katundu wogulidwa popanda lisiti kapena mafuta a galimoto imene imagwiranso ntchito zapakhomo. Kalata imene mwalandira ikungoonetsa phindu lomaliza, ndiye simungadziwe kuti ndi njira iti. Ili ndiye funso lenileni la kalata yanu.

Komabe ndili ndi pomwe ndikukayikira. Munandiuza kuti mlongo wanu wa ku Joni anakubwerekani K5,000,000 yogulira makope sukulu zisanatsegulidwe, ndipo inalowa mu akaunti ya kampani. Ofisala akatenga sitetimenti ya ku banki n'kuphatikiza ndalama zonse zolowa, napeza kuti zikuposa zimene munalemba kuti munagulitsa, amatenga kusiyanako ngati malonda amene simunaulule. Sindikumuimba mlandu, sitetimenti sinena kuti iyi ndi ngongole ya pachibale. Ndipo pa nkhani za msonkho, udindo wosonyeza kuti chigamulo n'cholakwika uli pa inu wokhoma msonkho. Choncho sonkhanitsani pepala lotumizira ndalamalo lokhala ndi dzina la mlongo wanu, mzere wa pa sitetimenti wosonyeza tsiku limene inalowa, ndi umboni wa zimene mwabwezako kale ngati zilipo. Ngati munagwirizana pakamwa chabe, monga timachitira pachibale, mlongo wanuyo alembe kalata lero, ya deti la lero, yotsimikiza kuti anakubwerekani ndalamayo tsiku lakuti. Chonde musalembe pangano n'kuikapo deti la chaka chatha. Zikadziwika, nkhani yomwe inali ya masamu imasanduka ya chinyengo, ndipo mapepala anu ena onse, oona omwe, amayamba kukayikiridwa.

Kalatayo ikhale ya tsamba limodzi. Muilembe m'Chingerezi, poti ndimo maofesi a boma amasungira mafayilo, ndipo ipite kwa mkulu wa ofesi ya misonkho ya m'dziko imene imasunga fayilo yanu. Pamwamba pakhale dzina la kampani monga linalembetsedwera, TPIN, mtundu wa msonkho, chaka chake, nambala ya kalata yawo ndi deti lake. Kalata yopanda zimenezi imayendayenda m'madesiki. Mutu wake unene poyera kuti mukupempha kufotokozeredwa. Thunthu lake, m'Chichewa chathu, linganene motere:

"Talandira kalata yanu yosonyeza phindu la K11,000,000 ndi msonkho wotsala wa K2,400,000. Fomu imene tinapereka inasonyeza phindu la K6,000,000. Tikupempha mutipatse kawerengedwe kosonyeza mmene kusiyana kwa K5,000,000 kwabwerera: ngati mwawonjezera pa zogulitsa, mutiuze ndalama zake ndi masiku ake, ngati mwakana zina mwa zowonongedwa, mutiuze ziti ndi gawo la lamulo limene mwatsata. Chachiwiri, kalata yanu ikusonyeza kuti talipira K900,000. Sitikuonapo K900,000 ina imene ogula athu anadula, yomwe masatifiketi ake taphatikiza pano. Tikupempha mutiuze ngati ndalamazi zinafika, ndi TPIN imene zinalowapo. Tikupemphanso sitetimenti ya akaunti yathu ya msonkho ya chaka chimenechi. Kalata ino ndi yofunsa chabe, ndipo sitikutaya ufulu wathu wokana chigamulochi m'nthawi yoikika ndi lamulo."

Mwina mwaona kuti sindinatchulemo ngongole ya mlongo wanu. Ndachita dala, osati pofuna kubisa. Simunadziwe ngati K5,000,000 yawoyo ndi yomweyo ya ku Joni; mwina ndi malisiti angapo amene awakana, n'kungofanana chiwerengero. Mukayamba kuyankha funso limene sanafunse, kalata imatalika ndipo funso lanu limamira. Mapepala a ngongoleyo akhale okonzeka m'fayilo, ndipo muwatulutse akangotsimikiza kuti nkhani ndi imeneyo, kapena muwaphatikize ku kalata yokana ija.

Musaikemo za kuvuta kwa malonda, kukwera kwa mitengo, kapena zoti wina woyandikana nanu salipira konse. N'zoona mwina, koma ofisala alibe mphamvu yochotsa tambala imodzi chifukwa cha zimenezo. Musavomerenso kanthu mwaulemu chabe. Mawu ngati "mwina tinalakwitsa penapake" amakhala mu fayilo mpaka kale.

Masatifiketi mutumize mafotokope, enieniwo asachoke m'manja mwanu, ndipo muwalembe manambala ndi kuwandandalika pansi pa kalata: dzina la wogula, ndalama ya katundu, ndalama yodulidwa. Zonse pamodzi zikwane K900,000 yeniyeni. Zikakwana K780,000, lembani K780,000, ndipo mudziwe kuti K120,000 yotsalayo mukaisaka kwa wogula, osati ku ofesi ya msonkho.

Popereka, pitani ndi makalata awiri ofanana. Imodzi musiye, inayo akudindireni chidindo cha deti losonyeza kuti alandira, mubwerere nayo. Mukatumiza pa imelo, sungani uthengawo ndi yankho lililonse. Ofisala akakuimbirani foni kapena kukufotokozerani pakamwa, zikomo, koma mukafika kunyumba mulembe kakalata kakafupi konena kuti tsiku lakuti tinakambirana zakuti, ndipo munati zakuti. Mawu a pakamwa oti "musadandaule mayi, tikonza" sangakutetezeni tsiku la 31.

Za chiwongoladzanja ndi zilango, dziwani kuti kufunsa sikuziimitsa. Ngati poona mapepala anu mwapeza kuti mbali ina iwo akulondola, tinene kuti malisiti a K400,000 mulibedi, lipirani msonkho wa mbali imeneyo, womwe ndi K120,000, ndipo mutsutse zotsalazo. Mu kalata yomweyo mungafunsenso kuti akuuzeni ndalama imene lamulo likufuna kuti ilipidwe kukana kwanu kusanamvedwe, kuti musadzadzidzimuke nayo tsiku lomaliza.

Kalata yokana imasiyana ndi yofunsayi pa chinthu chimodzi chachikulu: simufunsanso, mumanena. Mumalemba kuti tikukana K1,500,000 chifukwa K5,000,000 inali ngongole, umboni ndi uwu. Tikukana K900,000 chifukwa inadulidwa kale, masatifiketi ndi awa. Msonkho woyenera ndi K1,800,000 ndipo unalipidwa. Zifukwa zonse zilembedwe nthawi imodzi, chifukwa nkhani ikadzapitirira mpaka ku bwalo lomva madandaulo a misonkho, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo lina la mu 2021, adzayambira pa zomwe munalemba pamenepo. Pa kalata yachiwiriyi ndingakonde mutakhala pansi ndi akauntanti amene anakukonzerani mabuku a chaka chatha, chifukwa ndiye akudziwa mzere umene K5,000,000 ija anailembapo. Mufunseni zimenezo lero, kalata yoyamba isanapite: ngati m'mabukumo inalembedwa kale ngati ngongole, jambulani tsamba limenelo muliike pamwamba pa fayilo.