Ngongole zobwerezedwa zimabisa chiyani?

"Ndikuchita oditi ku bungwe lobwereketsa ndalama kwa ageni a usipa kuno ku Mangochi. Ndalama zimene aika padera chifukwa cha ngongole zokayikitsa zikundionekera zochepa. Ndiyambire pati?"

Achimwene, musathamangire masamu. Yambani mwatsimikiza kuti masiku amene ngongole iliyonse yachedwa ndi oona, chifukwa zonse zatsamira pamenepo. IFRS 9, ndondomeko ya padziko lonse ya kawerengedwe ka ngongole m'mabuku a ndalama, imene inayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2018, imaika ngongole m'magawo atatu: yoyenda bwino, yomwe chiopsezo chake chakwera kwambiri, kawirikawiri ikachedwa kupitirira masiku 30, ndi yomwe yaonongeka, kawirikawiri ikadutsa masiku 90.

Pobisalira pake ndi apa. Nyanja ikatsekedwa mu Novembala ndi Disembala, kapena mwera ukakula asodzi n'kulephera kulowa m'madzi, ageni amasowa chobweza. Wogawa ngongole, poopa kutaya bonasi yake, amatseka ngongole yakale n'kutsegula yatsopano tsiku lomwelo, masiku ochedwa n'kubwerera pa ziro. Choncho tengani ngongole zonse zimene zinatsekedwa mwezi womaliza wa chaka, muone ngati munthu yemweyo analandiranso ina m'sabata yomweyo. Kenako fufuzani risiti ndi sitetimenti ya banki: kodi ndalama inalowadi, kapena anangolemba m'buku? Pa ngongole za m'magulu naponso, onani kaundula wa gulu lenilenilo, poti anzake amatha kumulipirira munthu kwa miyezi, bungwe osadziwa.

Masamu ake ndi awa:

```
ECL = PD x LGD x EAD
```

ECL ndi ndalama zomwe bungwe likuyembekezera kutaya, zomwe liyenera kuika padera, PD ndi mwayi woti munthu alephere kubweza, LGD ndi gawo lomwe litayike akalephera, EAD ndi ngongole yotsala. Tiyerekeze kuti bungwe lili ndi ngongole za K100 miliyoni zimene anthu sanabweze, ndipo LGD ndi 60%. K80 miliyoni ya gawo loyamba pa PD ya 5% ikupereka K2.4 miliyoni. K15 miliyoni ya gawo lachiwiri pa 30% ikupereka K2.7 miliyoni, ndipo K5 miliyoni ya gawo lachitatu pa 100% ikupereka K3 miliyoni. Zonse pamodzi K8.1 miliyoni. Tsono mwapeza kuti K10 miliyoni ya m'gawo loyamba ndi ngongole zobwerezedwa zija. Mukaisunthira gawo lachiwiri, pakuwonjezereka K1.5 miliyoni, ndiye kuti zoika padera zikhala K9.6 miliyoni, phindu n'kutsika ndi ndalama yomweyo.

LGD musailandire pakamwa. Chikole chikakhala injini ya boti kapena firiji, papepala chimaoneka chodula, koma kuchigulitsa ku Makanjira n'kovuta, ndipo ambiri safuna kugula katundu wolandidwa kwa mnansi. Pemphani mndandanda wa ndalama zimene anatoleradi pa ngongole zoonongeka m'zaka zitatu zapitazi, muchotsepo zolipira potolera, muonenso kuti zinatenga miyezi ingati, popeza ndalama yochedwa iyenera kutsitsidwa mtengo pogwiritsa ntchito chiwongola dzanja cha ngongoleyo.

Afunseninso ngati PD yawo anaisintha kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023. Mafuta a boti atakwera, mbiri ya zaka zam'mbuyo payokha siingakwanire.