Mnzanu akatenga ngongole, alipira ndani?

"Ine ndi mnzanga wa pa Chitakale tikufuna kumapikula nanazi kuno ku Mulanje n'kumakagulitsa ku Limbe. Ine ndiika K3,000,000, iye K1,000,000, koma woyenda ndi katundu ndi iyeyo. Tilembetse kampani kapena tingogwirizana awiriwiri?"

Achimwene, mukangoyamba kugula ndi kugulitsa limodzi kuti mupeze phindu, lamulo limakuonani kale ngati patinashipu, ngakhale musanalembe kalikonse. Ndipo pamene palibe pangano lonena zina, phindu limagawidwa pakatimpakati. Mukapindula K800,000, aliyense atenga K400,000, zoti inu munaika zambiri sizilowapo. Nayenso mnzanuyo alibe malipiro a kugona palole, pokhapokha mutapangana.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi ngongole. Tiyerekeze kuti mnzanu watenga nanazi kwa alimi kuti adzalipira akagulitsa, wachitanso hayala lole pangongole, zonse m'dzina la bizinesi. Lole ija yafera pa Luchenza masiku atatu padzuwa la Disembala, nanazi zayamba kuchucha madzi, ntchentche zili ng'waa. Ngongole yakwana K5,000,000 pomwe m'thumba la bizinesi mwatsala K1,500,000.

Mu patinashipu, K3,500,000 yotsalayo ndi yanu nonse, ngakhale inu simunaoneko ndi nkhope ya mwini lole. Zimene wagwirizana mnzanu pa ntchito za bizinesi zimakumangani inunso. Okongoza sapita kwa amene alibe kanthu, abwera kwa inu amene muli ndi njinga yamoto ndi nyumba yamalata. Mungathe kukam'londola mnzanuyo kuti abweze gawo lake, koma ngati ali manja lende, mudzatolako chiyani?

Kampani ya limitedi, yolembetsedwa pansi pa lamulo la makampani la 2013, imaima payokha ngati munthu. Ngongoleyo ndi yake. Inu mutaya K3,000,000 imene munaguliramo masheya, nyumba n'kutsala. Chenjerani apa pokha: banki ikamakongoza kampani yaing'ono imakonda kufuna kuti eni ake asaine kuti adzabweza okha kampani ikalephera. Mukasaina pepala limenelo, mpanda woteteza nyumba yanu mwaugwetsa nokha.

Kampani ilinso ndi zolemetsa zake. Phindu lake limadulidwa msonkho wa 30 peresenti ku MRA, chaka chilichonse pamafunika kupereka malipoti ku ofesi yolembetsa makampani, ndipo ndalama zake simungangozitapa mukamva uthenga wa maliro kumudzi. Masheya musagawane 50 kwa 50 chifukwa cha manyazi. Mukadzasemphana, palibe wodula nkhani. Mwa ndalama mwanenazi ndi 75 kwa 25, ndipo mnzanuyo azilandira malipiro a ulendo uliwonse.

Ndikadakhala ine, nyengo yoyamba ya nanazi ndikadayenda ndi patinashipu, kugula ndi ndalama pamanja basi, dzina la bizinesi litalembetsedwa. Papepala losainidwa pamaso pa mboni ndikadalemba kagawidwe ka phindu, zochita wina akafuna kutuluka kapena akamwalira, komanso kuti ngongole yopitirira K200,000 ifunika masaini awiri. Dziwani kuti mfundo yomalizayi imagwira pakati pa inu awiri. Mlimi amene sanaidziwe adzakulondolanibe. Tsiku limene mudzayambe kutenga katundu wodzaza lole pangongole, kampani ikhale italembetsedwa kale.