Mapazi akuyaka usiku, ndi shuga, mowa kapena mavitamini?

"Ndili ndi zaka 52, shuga anandipeza nayo zaka 8 zapitazo ndipo ndimamwa metifomini m'mawa ndi madzulo. Chaka chatha zala za kumapazi zinayamba kuyaka, pano moto wafika mu akakolo, mapazi onse awiri, usiku mpaka ndimawatulutsa kunja kwa bulangete, nthawi zina ngati akundibaya ndi masingano. Ndisaname, kumapeto kwa sabata ndimamwako ndithu. Mnzanga akuti ndigule mavitamini B. Kodi ndi shugayo basi?"

Achimwene, poyamba zikomo kuti za mowazo simunabise, ambiri amazitchula pomaliza dokotala atatopa kufunsa. Mwina ndi shugayo inde, koma pa zimene mwalembazi ine ndikuona atatu oti tiwakayikire, shuga, kuchepa kwa vitamini B12 ndi mowa, ndipo sizachilendo kuti onse atatu alowe m'munda umodzi.

Tiyambe ndi chifukwa chake moto wayambira ku zala. Minyewa imene imanyamula mauthenga a kumva kutentha, kuzizira ndi ululu ili ngati mawaya, ndipo waya wautali kuposa onse ndi amene amachoka kumsana kukafika ku chala chachikulu cha kuphazi, pafupifupi mita yathunthu. Chakudya cha waya ameneyu chimayenda ulendo wonsewo, ndiye chinthu chikasokonekera m'thupi kunsonga ndi kumene kumayamba kuvutika. Nchifukwa chake zimayamba mapazi onse awiri pamodzi nkumakwera pang'onopang'ono ngati munthu akuvala sokosi, ndipo zikafika cha m'mawondo zala za m'manja nazo zimayamba dzanzi. Moto mukuumvawo si kuti phazi latenthadi ayi, muligwire muona lili bwinobwino kapenanso lozizira, ndi mnyewa wovulala umene ukutumiza uthenga wabodza ku ubongo.

Shuga akakhala wokwera kwa zaka amawononga mbali ziwiri, amadwalitsa timitsempha ting'onoting'ono ta magazi timene timadyetsa minyewa, komanso akachuluka mkati mwa mnyewa momwemo amasanduka zinthu zimene zimauvulaza. Pafupifupi theka la anthu odwala shuga amadzakumana ndi vutoli pa moyo wawo. Ndiye musamangodalira kuyeza kwa pa chala kwa m'mawa umodzi, pemphani HbA1c, imene imaonetsa mmene shuga wakhalira pa miyezi itatu yapitayi. Kwa akuluakulu ambiri madokotala amafuna ikhale cha pa 7% kapena kutsikirako, ikapezeka 9% kapena 10% ndiye kuti wokayikiridwa woyamba wagwidwa ndi umboni.

Koma apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ambiri amaphonya. Metifomini ndi mankhwala abwino, musawasiye, koma ukawamwa zaka zambiri amachepetsa mmene matumbo amayamwira vitamini B12. Chiwindi chimasunga B12 wa zaka zingapo, ndiye vuto silioneka msanga, limatulukira patadutsa zaka 4, 5 kapena kuposa, ndipo inu mwakwana 8. B12 ndi amene amasamalira chikuto cha minyewa, kaja kapulasitiki kokuta waya. Akachepa, zizindikiro zimafanana kwambiri ndi za shuga moti munthu amangouzidwa kuti "ndi shuga wanuyo" nkubwerera kunyumba, chonsecho ichi ndi chinthu chochizika ndi majekeseni kapena mapilisi. Zimene zingakupatseni chikayiko: kudzandira mumdima kapena mukatsinzina posamba kumaso, lilime losalala lowawa, kutopa, kuiwalaiwala, dzanzi m'manja mapazi asanafike patali. Ndipo magazi akhoza kupezeka okwanira bwinobwino minyewa ikuwonongeka, ndiye "magazi anu ali bwino" si yankho, ayeze B12 weniweniyo.

Mowa nawo uli ndi njira zake ziwiri. Umavulaza mnyewa pawokha, kenako umatchinga vitamini B1 kuti asalowe bwino m'thupi, ndipo B1 thupi silisunga wambiri, masabata owerengeka chabe watha. Onjezerani kuti munthu akamwa kwambiri chakudya amachiiwala. Amene minyewa yawo yadyedwa ndi mowa kawirikawiri amadandaulanso akatumba a kumiyendo kuwawa ukawafinya, kukokana usiku, ndi miyendo kufooka pokwera masitepe. Simunanene kuti "ndithu" wanuyo ndi mabotolo angati, koma ngati ali 6 Lachisanu, 6 Loweruka, kwa zaka, mowawo si wongoonerera. Kungoti ngati mumamwa tsiku ndi tsiku mpaka m'mawa manja kunjenjemera, musasiye mwadzidzidzi panokha, zimatha kubweretsa khunyu, musiye mothandizidwa ndi achipatala.

Za mnzanuyo. Sanalakwe kwenikweni koma pali msampha. Mukayamba kumwa mavitamini musanayezetse, zotsatira za B12 zikhoza kutuluka zooneka bwino ndipo simudzadziwa chimene chinalipo. Chachiwiri, B6 akachuluka kwa miyezi yambiri amayambitsa dzanzi lomwelo limene mukuthawa, ndipo ena amamwa mabotolo a mavitamini awiri atatu osiyana onse muli B6 osadziwa. Yezetsani kaye, kugula pambuyo.

Ndikanakhala inu ndikanapita kuchipatala ndi mankhwala onse amene ndimamwa m'thumba, chifukwa ena monga aisoniyazidi wa TB amachitanso zomwezi, nchifukwa chake amaperekedwa limodzi ndi B6. Ndikanavula nsapato ndi masokosi ndisanauzidwe nkomwe. Pali kaulusi ka pulasitiki kamene amakanikiza pansi pa phazi ndi mphamvu ya magalamu 10 inu mutatsinzina, mukapanda kukamva ndiye kuti phazi lasiya kudziteteza. Kenako magazi: HbA1c, B12, impso, chithokomiro, ndi HIV ngati papita nthawi musanayezetse, poti nayo imagwira minyewa.

Tinene kuti zatuluka HbA1c 8.5% ndipo B12 ndi wotsika. Ndiye kuti mukonza zonse, B12 abwezeredwe, shuga atsitsidwe pang'onopang'ono osati mothamanga poti kumugwetsa mwadzidzidzi kumatha kuonjezera ululu, mowa uchoke. Musayembekeze zodabwitsa pa sabata imodzi, mnyewa ukamaphukanso umayenda pafupifupi milimita imodzi patsiku, ndiye ndi nkhani ya miyezi. Mbali ya B12 ndi ya mowa imatha kuchira ngati mwafulumira, ya shuga nthawi zambiri chimene timakwanitsa ndi kuimitsa kuti isapitirire.

Ululuwo parasitamo saufika kwenikweni. Amene amathandiza ndi monga amitiriputilini pang'ono pogona, duloketini, gabapentini kapena puregabalini, adokotala asankhe poona impso ndi mtima wanu, ndipo onsewa sagwirizana ndi mowa, amagonetsa. Amachepetsa moto koma sachiza mnyewa.

Tsiku limene moto udzazime wokha phazi nkukhala ngati thabwa, musasangalale kuti mwachira, nthawi zambiri ndiye kuti mnyewa wafooka mpaka wasiya kulankhula. Pamenepo kamwala ka mu nsapato kakhoza kukuboolani tsiku lonse osamva, chilonda nkuyambira pomwepo. Ndiye kuyambira lero muziona pansi pa mapazi ndi pakati pa zala madzulo alionse, kalilole amathandiza, muzikutumula nsapato musanavale, osayenda opanda nsapato, madzi osamba muziyesa ndi chigongono, ndipo mapazi asayandikire moto kapena botolo la madzi otentha ngakhale azizire bwanji.

Zosadikira tsiku la kiliniki ndi izi: chilonda kapena chala chosintha mtundu, phazi lotupa lofiira lotenthadi ukaligwira, kufooka kumene kukukwera miyendo m'masiku ochepa, kapena dzanzi lobwera ndi msana kuwawa mkodzo nkumavuta kuugwira. Zimenezo mupite tsiku lomwelo.