Uthenga wa anapiye sunafike kwa onse: nditsegule gulupu kapena ndipitirize ndi bulodikasiti?

*Ndimagulitsa anapiye a tsiku limodzi ndi chakudya cha nkhuku pafupi ndi msika wa Kapata kuno ku Chipata. Makasitomala anga ndi 310, ena ali ku Katete, Chadiza ndi Lundazi. Ndinatumiza bulodikasiti pa WhatsApp kuti anapiye afika Lachinayi, koma ambiri akuti sanaone kalikonse. Mwana wanga akuti ndingowaika onse m'gulupu imodzi. Kodi zinthu ziwirizi zimasiyana pati, ndipo ine chondiyenera n'chiti? — Mayi wa ku Kapata*

Amayi, musathamangire gulupu. Pa nkhani yodziwitsa makasitomala za tsiku lofika anapiye kapena mtengo watsopano wa chakudya, bulodikasiti ndiyo yokuyenerani. Kungoti ili ndi lamulo limodzi limene anthu ambiri salidziwa, ndipo ndikuganiza kuti n'limene lakugwetsani m'mavutowa.

Mukatumiza bulodikasiti, WhatsApp imatenga uthenga wanu umodzi n'kuupereka kwa munthu aliyense payekhapayekha. Kwa iye umafika ngati kuti mwamulembera yekha, pamalo omwewo amene mumachezerapo masiku onse. Sadziwa kuti ena alandiranso, saona manambala awo, ndipo akayankha, yankho limabwera kwa inu nokha. Popeza njira yotereyi anthu achinyengo ndi otsatsa malonda mosokosa akanaigwiritsa ntchito molakwika, WhatsApp inaika chotchinga: uthenga wa bulodikasiti umafika kwa okhawo amene anaseva nambala yanu m'foni mwawo. Zoti inuyo munaseva nambala ya kasitomala n'zosakwanira. Nayenso ayenera kukhala ndi yanu. Ngati alibe, foni yanu sikuchenjezani, ndipo mumangokhala muli phee kuganiza kuti onse amva.

Kuno kwathu nkhaniyi imavuta kwambiri chifukwa cha masimu awiriawiri. Ambiri a ife tili ndi nambala ya Airtel yoyamba ndi 097 komanso ya MTN yoyamba ndi 096. Mwina makasitomala anu amakuimbirani ndi kukutumizirani ndalama pa nambala imodzi, pamene WhatsApp yanu ili pa inayo. Mlimi wa ku Chadiza adzalumbira kuti nambala yanu ali nayo, ndipo sakunama, koma imene anasevayo si imene ikutumiza uthenga. Ena sanaseve n'komwe: amangoyang'ana pa manambala amene aimba posachedwa, n'kuzindikira yanu poona manambala atatu akumapeto. Kwa WhatsApp, anthu onsewa sakukudziwani.

Mungathe kudziwa amene sanalandire popanda kufunsa aliyense. Tsegulani bulodikasiti ija, dinikizani uthengawo kwa kanthawi, kenako sankhani Info. Mudzaona amene uthenga wawafika ndi amene auwerenga. Koma musaweruze tsiku lomwelo. Kasitomala wa kumudzi angathe kukhala masiku awiri alibe bandulo, kapena foni yathima chifukwa magetsi anapita. Dikirani masiku awiri kapena atatu. Amene adakalibe pamndandanda wa olandira, mulembereni moni payekha. Moniwo ukaonetsa matiki awiri pamene uthenga wa bulodikasiti sunafike, ndiye kuti foni yake ili bwinobwino, vuto ndi nambala yanu imene sanaseve. Moniwo ukakhala ndi tiki imodzi kwa mlungu wathunthu, mwina anasintha simu, mwina anasiya WhatsApp, kapenanso anakubulokani. Ameneyo muimbireni.

Tsono tione za gulupu, chifukwa mwana wanu sanalakwe kotheratu. Gulupu ilibe lamulo loseva nambala, ndipo imodzi imatenga anthu mpaka 1,024, pamene bulodikasiti imodzi imalekera pa 256. Poyang'ana mwachangu, gulupu ikuoneka ngati yathetsa zonse. Koma gulupu ili ngati kusonkhanitsa makasitomala anu onse pansi pa mtengo umodzi: aliyense akuona mnzake, ndipo chonenedwa ndi mmodzi chamveka kwa onse.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi manambala. Aliyense amene ali m'gulupu angathe kutsegula mndandanda wa mamembala n'kuona nambala ya wina aliyense. Anthu 310 amenewo mwawasonkhanitsa pang'onopang'ono, ena powakongoza chakudya, ena powalangiza nkhuku zitadwala chitopa. Mndandanda umenewo ndi chuma cha bizinesi yanu. Mukawaika pamodzi, wogulitsa anapiye wina akangolowa, kaya kudzera mwa m'bale wake amene amagula kwa inu, wapeza alimi a nkhuku 310 kwaulere, ndipo mawa lake awalembera kuti iye watsitsa mtengo ndi K1. Choopsa kuposa apo ndi wakuba. Angathe kutenga chithunzi chimene mwaika pa WhatsApp yanu, n'kuchiika pa nambala ina, n'kulembera mamembala mmodzimmodzi kuti nambala yolipirira yasintha. Popeza inu mumalandira ndalama ya oda anapiye asanafike, anthu anazolowera kale kutumiza ndalama asanaone katundu, ndipo sadzakayika msanga. Wobedwayo adzabwera pashopu panu Lachinayi kudzafuna anapiye ake. Ndiponso pali amayi ambiri amene safuna kuti nambala zawo zizionedwa ndi amuna osawadziwa, ndipo anakupatsani nambalayo pokukhulupirirani inuyo.

Palinso phokoso. M'gulupu ya anthu mazana atatu simusowa wotumiza moni wa m'mawa, mavesi, uthenga wa maliro, mavidiyo odya bandulo ndi nkhani za ndale. Pakatha mlungu, anthu amaitseka mawu, ndipo chidziwitso chanu cha Lachinayi chimakwiririka pansi pa mameseji makumi asanu. Tsiku limene kasitomala mmodzi adzalembe kuti anapiye ake 20 afa, ngakhale chifukwa chikhale choti khola lake linali lozizira, onse adzawerenga inu musanayankhe.

Wina adzakuuzani kuti gulupu imatsekeka kuti adimini yekha ndiye azilemba. N'zoona, zimenezi zimachitika mu Group permissions. Phokoso limatha, koma manambala amaonekabe kwa onse. Komanso si onse amene mungawaike mwachindunji, chifukwa munthu angathe kukonza WhatsApp yake kuti okhawo amene iye anawaseva ndiwo azimuika m'magulupu. Ndiye lamulo lija mwalithawa ku bulodikasiti mukumana nalonso kuno kwa makasitomala ena. Ndipo anthu akadzuka n'kudzipeza ali m'gulupu imene sanapemphe, ena amakulipotani. Malipoti akachuluka, WhatsApp ingathe kutseka nambala yanu, yomwe ndi nambala imene bizinesi yonse ikuyendera.

Nazi zimene ndingachite ndikanakhala pamalo panu. Popeza 310 ndi oposa 256, mukufunika mabulodikasiti osachepera awiri. Musawagawe mwachisawawa kuti oyamba 256 uku, otsala 54 uko. Agaweni molingana ndi mmene katundu amayendera. Mwachitsanzo, a m'tauni ya Chipata amene amabwera okha pashopu akhale pawokha, a njira ya ku Katete pawokha, a ku Chadiza pawokha, a ku Lundazi pawokha. Uthenga wa a m'tauni ndi woti anapiye afika nthawi yakuti, pamene wa a ku Lundazi uyenera kunena galimoto imene mwakweza makatoni ndi nthawi yoti akaidikire. Pa foni ya Android, mumadina timadontho titatu pamwamba n'kusankha pamene pali mawu oti broadcast, kenako n'kusankha mayina. Poseva mayina, yambani ndi dera, monga "Katete" kutsogolo kwa dzina, kuti mukamasaka atuluke onse pamodzi. Samalani kuti munthu mmodzi asakhale m'mindandanda iwiri, chifukwa adzalandira uthenga kawiri.

Tiyerekeze kuti mwatumiza, mwadikira masiku atatu, ndipo Info ikuonetsa kuti 190 alandira. Otsala ndi 120. Musawalembere onse tsiku limodzi, chifukwa kutumiza uthenga wofanana kwa anthu ambiri amene sanakusungeni ndi khalidwe limene WhatsApp imalikayikira. Tengani khumi kapena khumi ndi asanu patsiku, kuyambira ndi amene amagula anapiye ambiri, ndipo aliyense mumutchule dzina. Mawu ake angakhale otere: "Muli bwanji bambo? Ndine amayi a anapiye a ku Kapata. Chonde sevani nambala ino kuti muzilandira tsiku lofika anapiye ndi mitengo. Mukaseva mundiyankhe." Pa khumi ndi asanu patsiku, m'masiku 8 mwamaliza onse 120.

Njira yogwira kuposa imeneyo ili pakauntala. Lachinayi, pamene munthu akudikira kuti mumuwerengere anapiye, mupempheni aseve nambalayo inu mukuona, ndipo muonetsetse kuti ndi ya WhatsApp. Okalamba ena savutika kukupatsani foni kuti muwalembere. Nambala imeneyo ilembedwenso pakhoma la shopu ndi pa lisiti iliyonse. Ngati n'kotheka, nambala ya WhatsApp ikhale yomweyo yolandirira ndalama, kuti muzitha kuuza aliyense kuti nambala yanu ndi imodzi basi ndipo ina iliyonse yopempha ndalama m'dzina lanu ndi ya wakuba.

Konzekeraninso mayankho. Anthu 190 akalandira, angakuyankheni makumi angapo nthawi imodzi, aliyense payekha, inu muli ndi makasitomala pashopu. Choncho uthenga wanu uyankhiretu mafunso awo: tsiku, mtengo wa mwanapiye mmodzi, tsiku lomaliza kulipira, ndi nambala yolipirira. Kumapeto muwauze mayankhidwe, kuti wofuna alembe dzina, chiwerengero cha anapiye ndi dera lake. Mukatero simudzakhala mukuyankha "zingati?" mpaka usiku. Ngati mukugwiritsa ntchito WhatsApp Business, yomwe ndi yaulere kuiika m'foni, muli njira imene mungaikire chizindikiro amene aoda, amene alipira ndi amene atenga. Ndipo musatumize tsiku lililonse. Kamodzi kapena kawiri pamlungu, pakakhala nkhani yeniyeni, n'kokwanira, chifukwa uthenga wa bulodikasiti umalira m'foni ya munthu ngati wa m'bale wake, ndipo ukachuluka adzakubulokani.

Za ngongole zisalowe mu bulodikasiti, ndipo m'gulupu ndiye ayi ndithu. Wangongole aliyense mulembereni payekha ndi ndalama yake yeniyeni.

Gulupu ili ndi malo ake m'bizinesi yanu, koma ndi aang'ono. Ngati ku Lundazi muli ndi alimi 12 amene amadziwana kale, amasonkha ndalama ya thiransipoti ndipo mmodzi amakalandira makatoni a onse, amenewo afunika kumvana okhaokha. Wina akalemba kuti galimoto yachedwa panjira, onse ayenera kuona nthawi yomweyo, ndipo bulodikasiti singachite zimenezo. Atsegulireni gulupu yawo, muyambe mwawafunsa mmodzimmodzi ngati akulola, ndipo linki yolowera musaiike poyera. Enawo 298 apitirize kulandira uthenga wawo payekhapayekha.