Mwana wanu ndi zebura ya pa M5

"Mwana wanga wa Sitandade 3 amawoloka msewu wa M5 kuno ku Nkhotakota popita kusukulu. Aphunzitsi anawauza kuti pa zebura galimoto zimaima, koma ine ndimaona zambiri zikungodutsa. Ndimuuze chiyani? Nanga dalaivala lamulo limamukakamizadi kuima?"

Mayi, aphunzitsiwo sananame. Malamulo a pamsewu amati munthu akakhala pa mizere yoyera ija, dalaivala achepetse liwiro kapena aime kuti munthuyo adutse. Koma mwanayo mumuuze chinthu china chomwe m'kalasi sichimveka bwino: asaponde phula mpaka ataona ndi maso ake kuti matayala aleka kuzungulira. Galimoto yomwe yangochepetsa liwiro sinaime, mwina dalaivalayo akuzemba dzenje kapena akuyang'ana wokwera, mwanayo sanamuone n'komwe.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Msewu wa mamita 7 munthu wamkulu amauwoloka pa masekondi pafupifupi 6, mwana wonyamula chikwama amatenga nthawi yoposerapo. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imayenda mamita 14 pa sekondi iliyonse, ndiye pa masekondi 6 aja imakhala itayenda mamita oposa 80. Ikamathamanga 80, imayenda mamita oposa 130, kupitirira kutalika kwa bwalo la mpira. Galimoto yomwe mwana akuiona ngati ili kutali, poti ili kumapeto kwa bwalo, imamupeza asanafike tsidya lina. Ndipo ana a msinkhu umenewu savutika kuona galimoto, chomwe chimawavuta n'kudziwa kuti ikubwera mwachangu bwanji.

Apa ndi pomwe ine ndimalimbira mawu kwa madalaivala. Dalaivala akaona mwana, pamapita pafupifupi sekondi yathunthu phazi lisanafike pa buleki. Pa liwiro la 50, mamita 14 apita kale, ndipo kuti galimoto iimiretu pa phula louma pamafunika enanso ngati omwewo. Pa 80 zonse pamodzi zimayandikira mamita 60. Lole yodzaza shuga yochokera ku Dwangwa, kapena tsiku la mvula, mtundawo umatalika kwambiri. Choncho kupatsa mpata woyenda pansi sikuyambira pa mizere, kumayambira pomwe dalaivala waona chikwangwani chochenjeza. Wofika pa zebura ali pa liwiro ndiye kuti wasankha kale kusaima, ngakhale alize hutala chotani. Iye wazunguliridwa ndi zitsulo, mwana alibe chomutchinga, n'chifukwa chake lamulo linaika mtolo waukulu pa dalaivalayo.

Tsopano poyang'ana. Kuno galimoto zimayenda kumanzere, ndiye yoyamba kukufikira ukamatsika m'mbali mwa msewu imachokera kudzanja lamanja. Mwana aime pambali, ayang'ane kumanja, kumanzere, kenako kumanjanso. Akafika pakati, maso apite kumanzere chifukwa mbali yachiwiriyo galimoto zimachokera kumeneko. Aziyenda ndawala, osathamanga, ndiponso azilunjika tsidya linalo.

Chomwe chimandisowetsa mtendere kwambiri ndi galimoto yachiwiri. Tiyerekeze minibasi yochokera ku Salima yaima pa zebura, dalaivala wakodola mwana kuti adutse. Mwana wasangalala, wayamba kuyenda. Kumbuyo kwa minibasiyo kukubwera njinga yamoto ya kabaza, mwini wake akuganiza kuti minibasi yaima kuti itsitse anthu, ndiye akuipitirira chakumanja. Iye sakumuona mwana, mwana sakuiona njinga, minibasi yawatchinga onse awiri. Amakumana pomwe mwana wangotulukira kutsogolo kwa minibasi. Lamulo limaletsa kupitirira galimoto yomwe yaima pa zebura chifukwa cha zimenezi, koma a kabaza ambiri amachita, ena amadutsira ngakhale kumanzere, m'mbali mwa phula. Ndiye mumuphunzitse kuti dzanja la dalaivala likunena za galimoto yake yokhayo. Akafika kumapeto kwa galimoto yoimayo, aime, asuzumire, aone kuti kulibe china, ndiye apitirire. N'chimodzimodzi akatsika minibasi: adikire ichoke kaye, msewu uoneke mbali zonse.

Kunena zoona, mayi, mwana wa Sitandade 3 ndikanakonda aziwoloka M5 ndi wamkulu kapena mkulu wake wa makalasi apamwamba, atagwirana dzanja. Loweruka likubwerali mupite naye pamalo omwe amawolokerapo. Musankhe mtengo kapena sitolo yomwe ili patali ngati bwalo la mpira ndi theka, mbali zonse ziwiri, ndipo muwerenge naye mokweza masekondi omwe galimoto ikutenga kuchoka pamenepo kufika pomwe mwaima. Mumuuze kuti galimoto ikakhala itadutsa kale chizindikirocho ndipo sinaime, iyeyo adikire. Kenako muwoloke kangapo, iye ndiye azinena kuti "tiyeni amayi", inu muzingomukonza akalakwitsa.