Chifukwa chake mtengo wa bondi umatsika chiwongoladzanja chikakwera

"Ndinagula bondi ya boma, koma lero akundiuza kuti mtengo wake watsika chifukwa chiwongoladzanja chakwera. Kodi ndaluza ndalama?"

Simunaluze, achimwene, pokhapokha mutaigulitsa nthawi yake isanakwane. Bondi ndi ngongole imene inu mwabwereketsa boma kapena kampani, ndipo chiwongoladzanja chimene munagwirizana pogula sichisintha ngakhale zinthu zitasintha pa msika.

Tiyerekeze kuti munagula bondi ya 1,000 yopereka 50 pachaka, ndipo kwatsala chaka chimodzi kuti mubwezeredwe ndalama zanu. Ngati mabondi atsopano ayamba kupereka 80 pa 1,000 iliyonse, palibe amene angakupatseni 1,000 pa yanuyo. Wogula adzalandira 1,050 chaka chikatha, choncho amagawa 1,050 ndi 1.08, popeza bondi yatsopano imabweza 1,080 pa 1,000 iliyonse, n'kukupatsani pafupifupi 972, kuti phindu lake lifanane ndi la bondi yatsopano. Zikanakhala kuti kwatsala zaka 10, mtengowo ukanatsika kufika pafupifupi 799, popeza wogulayo amapirira phindu lochepalo kwa zaka zambiri.

Ineyo ndinagulitsapo bondi yotere mwamantha nditaona mtengo utagwa, ndipo ndinadzipweteka ndekha, chifukwa ndikanangodikira ndikanalandira ndalama zanga zonse. Komabe kudikira sikukutetezani ngati wokongolayo alephera kubweza, ndiponso kukwera mitengo kwa zinthu kumadya mphamvu ya ndalama zimene mudzalandire. Ngati ndalamazo mukuzifuna posachedwa, kaonaneni ndi mlangizi wa zachuma wovomerezeka musanagulitse.