Musanalipire wopanga apu, kachezeni kaye ndi alembi a banki m'khonde

"Ndikufuna kupangitsa apu yolembera masheya ndi ngongole za magulu a banki m'khonde. Anzanga onse akuti ndi ganizo labwino. Ndingadziwe bwanji kuti vutoli lilipodi ndisanawononge ndalama zanga?"

Mawu a anzanuwo musawadalire, chifukwa munthu wokukondani safuna kukugwetsani mphwayi, komanso si iwo amene amasunga kaundula wa gulu. Oyenera kucheza nawo ndi alembi ndi asungichuma, pakati pa 10 ndi 15, ochokera m'magulu osiyana: la amayi a mumsika, la aphunzitsi, ndi la kumudzi kumene ambiri ali ndi foni za mabatani. Aliyense muonane naye payekha, pakuti pamaso pa wapampando mlembi sangavomere kuti masamu anamusokonekerapo. Munenenso poyambirira kuti simunatumidwe ndi bungwe ndipo palibe alawansi kapena ngongole imene ikubwera, apo ayi anthu adzakulitsa mavuto awo poyembekeza thandizo.

Za apuyo musatchule n'komwe. Mukafunsa kuti "kodi chinthu chotere mungachigwiritse ntchito?" mudzalandira "inde" waulemu amene munthu amapatsa mlendo. Funsani zimene zinachitika kale. Pamene munagawana ndalama komaliza, ntchitoyo inatenga maola angati? Kodi ndalama za m'bokosi zinagwirizana ndi za m'kaundula? Zitasiyana, munachitapo chiyani, ndipo anabweza ndani? Kenako pemphani kuona kaundulayo, chifukwa mofufutidwa ndi mowerengedwa kawiri mumaonetsa pamene ntchito imavuta.

Tiyerekeze kuti mwacheza ndi anthu 12. Asanu ndi anayi akuti kuwerengetsa kumatopetsa koma kumatha masana amodzi ndi kakyuleta ya pafoni, ndipo chimene akudandaula nacho kwa nthawi yaitali, musanawafunse n'komwe, ndi mamembala osabweza ngongole komanso ndalama zotumizidwa pa Airtel Money kapena Mpamba zimene msungichuma sadziwa kuti ndi za sheya kapena za chiwongoladzanja. Atatu okha ndi amene anakanganapo chifukwa cha masamu, ndipo mmodzi mwa iwo analipira mphunzitsi kuti awawerengere. Pamenepa ine ndinganene kuti vuto limene munaliganizira lilipo koma ndi laling'ono, ndipo loyenera kulifufuzanso ndi la ndalama za pafonizo. Chizindikiro chodalirika si kudandaula kokha ayi, koma kuti munthuyo anatayapo kale ndalama kapena nthawi pofuna kulithetsa.

Kucheza kotere kuli ndi malire ake: kumakuuzani ngati vuto lilipo, koma sikukuuzani mtengo umene gulu lingalolere, makamaka poti ndalama za gulu sizituluka popanda mamembala onse kugwirizana. Choncho kwa amene aonetsa vuto lenileni, pemphani kuti mudzakhale nawo pa msonkhano wotsatira ndi kuwalembera kaundula pamanja kwa mwezi umodzi pa mtengo wochepa. Akayamba kuzengereza n'kumati "tidzakuimbirani," wopanga apu uja musamupatse kaye dipoziti.